Ndakatulo ya mpikisano wa kusukulu yokhudza nkhanza za pa intaneti: ikuperewera pati?

Nachisale265
Moni nonse pagulu pano. Mwana wa achemwali anga ali Fomu 3, ndipo kusukulu kwawo kuli mpikisano wa ndakatulo Lachisanu la sabata ya mawa. Mutu umene awapatsa ndi kuipa kwa nkhanza za pa intaneti. Akuti ikhale ya m'Chichewa, isapitirire mizere 30, ndipo alakatule pamtima kwa mphindi zosaposa 3 pamaso pa sukulu yonse. Walemba yekha, ndime yoyamba ndi iyi:

Nkhanza za pa intaneti, ndiwe chilombo,
Wawononga tsogolo la achinyamata,
Walanda mtendere m'dziko lathu la Malawi,
Achinyamata anzanga tiyeni tipewe mchitidwe woipa wozunzana pa intaneti.

Ndime zina zinayi zikuyenda chomwecho, ndipo m'yomaliza mtsikana wadzipha, anthu ali kumanda. Cholakwika choti ndichiloze sindikuchiona, koma atandilakatulira sindinamve kanthu mumtima. Amene mumadziwa zinthuzi, ikuperewera pati?

Chingolopiyo
Ili bwinobwino iyi. Angokweza mawu basi, oweruza amakonda wofuula.

MadamuAChichewa
A Nachisale, khutu lanu silinakunamizeni. Yesani izi: pamene palembedwa "nkhanza za pa intaneti" chotsanipo muikepo "kolera". Kenaka muikepo "chamba". Muona kuti ndakatuloyo ikuyendabe osatsimphina. Ndiye kuti sikukamba za nkhanza za pa intaneti ayi, ndi chikombole chakale chija cha "iwe chakuti ndiwe chilombo, watha abale athu" chimene ana amatengerana chaka ndi chaka. Ndakhalapo pa tebulo la oweruza m'mipikisano yotere. Ana ambiri amabwera ndi chilombo chomwecho, ndipo pofika wachisanu holo yonse imakhala ikucheza zake.

Mumufunse mwanayo funso limodzi: kodi zimenezi zikamachitika, chimene munthu amaona ndi maso n'chiyani? Osati "tsogolo lawonongeka", tsogolo palibe analiona. Chithunzi chanji, anajambula ndani, chinayenda bwanji kuchoka pa foni ina kupita pa ina, mawa lake m'kalasi munachitika zotani. Asankhe nkhani imodzi yokha, ya munthu mmodzi, aitsate kuyambira pachiyambi. Mizere 30 ndi yochepa, singanyamule Facebook, TikTok, WhatsApp ndi dziko lonse la Malawi nthawi imodzi.

AgogoAkeTiya
Ndithu nkhanza zimenezi zafika posauzana. Ine mwezi wathawu anandiimbira kuti ndawina mphoto, nditumize kaye ndalama ya kalembera pa nambala yawo. Mwanayo alembemo zimenezo kuti anthu achenjere.

Fomu4Yatha
Agogo, amenewo ndi akuba chabe, ndi nkhani ina. Apa akunena zoti anzako a m'kalasi akugwira nawe ntchito pa gulupu, kukusandutsa choseketsa.

Madamu akunena zoona. Ine ndamaliza sekondale posachedwapa, ndikuuzeni mmene zimayendera. Si kawirikawiri munthu kukulembera kuti ndikumenya. Zambiri zimakhala zoti wina wakujambula usakudziwa, mwina ukusinza kapena ukudya, wadula nkhope yokha n'kupanga sitika, pansi walembapo mawu awiri. Sitikayo akaiponya pa gulupu ya kalasi, aliyense amaisunga. Kuyambira pamenepo wina akalemba zopusa amamuyankha ndi nkhope yako. Mawu awiri aja amasanduka dzina lako, mpaka ana a Fomu 1 osakudziwa n'komwe amakuitana nalo. Ukadandaula amati "ndi zocheza izi, usakhale ngati mwana". Ukatuluka pa gulupu amajambula pamene palembedwa kuti watuluka n'kuika pa sitetasi.

Nachisale265
Achimwene, mwandiopsa. Ife timangoona mwana ali duu pa foni, osadziwa kuti m'menemo muli bwalo lonse.

Mlakatuli_Wakale
Ndiye nkhani mwaipeza kale, ndi ya sitikayo. Tsopano funso lalikulu ndi lakuti m'ndakatulomo akuyankhula ndani. Njira zilipo zitatu ndipo ziwiri ndi zoterera.

Akayankhula ngati wozunzidwa, "ine ndalira, ine ndasowa tulo", holo imva chisoni pang'ono koma aliyense adziuza kuti ine sindinamupange kanthu ameneyu. Komanso anyamata a kumbuyo aja sachedwa kuyamba kuombeza kuliraku. Akayankhula ngati mlangizi, monga mmene yalembedwera panopa, ndiye kuti mwana wa zaka 16 wavala jekete ya ahedi, anzake atseka makutu.

Ine ndikanasankha wachitatu: amene sanajambule, sanalembe, anangoseka n'kutumiza kwa wina. M'holo ya ana 400 wojambula ndi mmodzi, wojambulidwa ndi mmodzi, otsalawo onse ndi oseka ndi otumiza. Ndakatulo ikayankhula ndi pakamwa pa woseka, palibe kothawira, aliyense adzimva kuti akunena ine. Ndipo chiyambi chake chikhale chodzikanira, monga mwana amene wagwidwa:

Sindine ndinajambula,
sindine ndinalemba mawuwo.

Omvera akangomva munthu akukana asanafunsidwe, amadziwa kuti pali mlandu, amatchera khutu.

BamboAMapasa
Zabwino, koma musaiwale kuti ndakatulo imafunika mizere izithera mofanana. "Ndinajambula" ndi "mawuwo" sizikugwirizana kumapeto. Ife kusukulu anatiphunzitsa choncho, popanda zimenezo ndi nkhani chabe yoduladula.

MadamuAChichewa
Bambo a mapasa, chibwereza n'chofunikadi, pamenepo mwalasa. Koma sichikhala kumapeto kwa mzere kokha. Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, ndipo aneni ambiri amathera ndi "a". Mwana akhoza kulemba mizere 30 yothera ndi "a" osatuluka thukuta, khutu osamvapo chachilendo. Choipa china n'chakuti pofuna kukakamiza mathero, ana amapotoza chiganizo mpaka chimveke ngati cha mlendo.

Chimene khutu lathu limamva kwambiri ndi kubwereza koyambirira kwa mzere, monga "sindine... sindine..." pamwambapo, ndiponso mgwirizano wa mawu umene chiyankhulo chimatipatsa chokha. Nenani mokweza kuti "chala changa chimodzi chinaswa". Mwamva "cha, cha, chi, chi" akugunda? Ng'oma yake ndi imeneyo.

China ndi kutalika kwa mzere. Werengani maphatikizo a mzere wachinayi wa mwanayu, uja wa "Achinyamata anzanga tiyeni tipewe...". Alipo 30. Palibe angaunene ndi mpweya umodzi pamaso pa anthu, mawu osanjenjemera. Adzapumira pakati, pamalo polakwika. Mzere wolakatula bwino umakhala wa maphatikizo 8 mpaka 12, ukatalika 14. Ndipo poti ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto tikafika popumira, mawu amene ali kumapeto kwa mzere ndi amene amatsala m'khutu. Pamenepo paziikidwa mawu olemera ngati "munthu", "desiki", "dzina", osati "kwambiri" kapena "ndithu".

BamboAMapasa
Komabe ine ndikamva mizere yothera mofanana ndimakoma nayo. Oweruza ena ndi a msinkhu wanga, musaiwale.

Mlakatuli_Wakale
Madamu, mwatchula chala ndipo mwandipatsa msana wa ndakatulo yonse. Akuluakulu amati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Woseka uja anadina ndi chala chimodzi. Mwanayo atembenuze mwambiwo:

Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe.
Changa chinaswa munthu.

Mwambi ukhale umodzi wokhawu. Ana amaganiza kuti malikisi amachuluka ndi miyambi, ndiye amathira isanu m'ndime imodzi, ina yosagwirizana n'komwe ndi nkhani. Umodzi wotembenuzidwa bwino umaposa yonseyo.

WaKuJoni
Koma abale, ana a masiku ano ndi ofewa. Ife ku boding'i tinalawa tizi weniweni. Fomu 1 unkachapa zovala za akuluakulu, kukolopa usiku, ndiwo kulandidwa, kuimbitsidwa nyimbo utakwera pa tebulo. Tinakula bwinobwino. Lero chithunzi chokha mpaka mpikisano wa ndakatulo?

Chingolopiyo
Kikiki inu a ku Joni mwandikumbutsa. Ife ankatituma kukagula buledi ndi ndalama yojambula papepala, ubwere ndi chenji.

MayiWaAnyamata
A ku Joni, tizi wanuyo ankathera pa geti. Holide ikafika munkapita kwanu kukapuma, ndipo ku Fomu 2 anali atatha. Ndikuuzeni za mwana wanga. Ndi wachibwibwi. Anatumiza uthenga wa mawu pa gulupu ya kalasi kufunsa za homuweki, wina anadula pamene anakakamira pa liwu limodzi n'kuikapo kanyimbo kumbuyo. Inayenda mpaka kwa asuweni ake a m'boma lina. Ine ndinaona zizindikiro koma sindinazimvetse: foni ikalira ankadzidzimuka, ankaiika chafufumimba, m'mawa uliwonse mutu kapena m'mimba, ndipo anasiya kuyankha mafunso m'kalasi. Amene anandiuza ndi mnzake mmodzi, mwanayo sanatsegule pakamwa. Tinamusamutsa sukulu, koma kanthu kaja kanali katafika kale kumeneko.

Ndiye a Nachisale, m'ndakatulomo muikemo zimenezo, zoti chipongwe cha pa foni chimakutsata mpaka pogona.

WaKuJoni
Pepani mayi, sindimanyoza mwana wanu. Koma ndikuonabe kuti mankhwala ndi kuwalanda mafoni basi. Sukulu zambiri zimaletsa kale.

Fomu4Yatha
Zimaletsa inde, koma foni imalowa m'sokosi, ankolo. Ndipo mukamulanda foni wozunzidwayo, gulupu ija ikupitirizabe kuseka, iye yekha ndi amene sakuona. N'chifukwa chake ambiri sanena kwa makolo, amadziwa kuti chilango choyamba chigwera iwo.

MayiBusa_K
Tibwerere ku ndakatulo. Ine mathero a kumanda aja ndikuwavomereza. Mutu ukuti "kuipa", ndiye ana aone kuti mapeto ake ndi imfa. Popanda kuwaopseza sangasinthe.

NamkungwiWaAchinyamata
Mayi busa, apa ndikutsutsani mwaulemu. Ndimagwira ntchito ndi achinyamata, ndipo mathero amenewo ndi amene ndikupempha kuti achotsedwe. M'holomo mudzakhala mwana amene zikumuchitikira sabata yomweyo. Iyeyo sadzamva ngati chenjezo kwa omuzunza. Adzamva kuti munthu wa ngati ine mathero ake ndi awa, ndipo pamaliro ndi pamene onse adzalira n'kuzindikira kulakwa kwawo. Uthenga umenewo ndi woopsa kwa mwana amene watopa kale. N'chifukwa chake amene amaphunzitsa za kalembedwe ka nkhani zodzipha amaletsa kutchula njira yake, ndiponso kuionetsa ngati yankho kapena ngati kubwezera.

Kuipa kungaoneke popanda bokosi la maliro. Desiki lopanda munthu, aphunzitsi akuitana dzina kalasi ili zii, zimenezo ana amazidziwa ndipo zimawalasa. Komanso ndakatulo isiye khomo lotsegula: wina auze munthu wamkulu. Ngati mwanayo angapatsidwe mpata wonena mawu amodzi akamaliza, atchule 116. Ndi nambala yaulere yothandiza ana, ya Tithandizane, imene a YONECO a ku Zomba amayendetsa. Asaikakamize mkati mwa ndime, imveka ngati chilengezo cha pa wailesi.

MayiBusa_K
Ndamva, koma imfa zimenezi zimachitikadi. Kubisa si kunama kodi?

NamkungwiWaAchinyamata
Sitikubisa, mayi. Nkhani imeneyo ikambidwe m'kalasi, pali mphunzitsi woti aone nkhope za ana n'kutsala ndi amene wakhudzidwa. Pa mpikisano anthu amaomba m'manja, belu n'kulira, aliyense n'kumapita.

Chingolopiyo
Aikemonso zoti adimini wa gulupu amamangidwa. Akangomva za apolisi onse akhala chete.

ZaMalamuloPang'ono
A Chingolopiyo, lamulo lilipo koma silinena choncho. Ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo pa makina a intaneti. Gawo 86 likukamba za kuzunza munthu kudzera pa makinawa, monga kumuopseza kapena kumutumizira zolaula mosalekeza, ndipo chilango chake chimafika K2,000,000 ndi zaka 5 kundende. Gawo 87 ndi la mauthenga osowetsa mnzako mtendere mwadala komanso mobwerezabwereza, gawo 88 ndi la kulondalonda munthu pomuopseza. Magawo amenewa akuyang'ana zimene munthu wachita, osati udindo wa adimini. Ndiponso kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18, choncho wa Fomu 3 akalakwa nkhani yake imayenda njira ya khoti la ana, osati monga ya wamkulu. Mwanayo akanena pa siteji kuti "adimini akamangidwa", mphunzitsi wodziwa amuchotsera malikisi.

Chimene ndingakonde chilowe m'ndakatulomo ndi nkhani ya umboni, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Munthu akapsa mtima amafufuta zonse n'kutuluka pa gulupu, kenaka akafika kwa ahedi kapena ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa alibe choonetsa. Dongosolo lake ndi ili: yamba wajambula zimene zili pa sikirini, nambala ya wotumiza, tsiku ndi nthawi zikuoneka. Sitetasi imazimirira pakatha maola 24, ndiye osadikira mawa. Ukatero ndi pamene udine `Report` ndi `Block`. Pa WhatsApp `Report` imatumiza mauthenga asanu omaliza a munthuyo kwa eni ake a WhatsApp, osati kwa aphunzitsi kapena apolisi, ndiye kuuza munthu wamkulu n'kofunikabe.

Pali chimodzi chosiyana: ngati ndi chithunzi cha mwana ali maliseche, osachisunga, osachitumiza kwa wina aliyense ngakhale pofuna kuonetsa umboni. Kusunga ndi kufalitsa zimenezo ndi mlandu waukulu pawokha. Pamenepo n'kungopita kwa wamkulu kapena kupolisi msanga.

Mlakatuli_Wakale
Achimwene, zonsezo n'zothandiza kwa makolo tili panofe, koma m'ndakatulo mulowe mzere umodzi wokha. Mukaikamo magawo a malamulo isanduka phunziro la Soshoo.

Fomu4Yatha
Chinanso anti, chofunika kwambiri. Mumufunse ngati nkhani ya sitika yomweyi inachitikapo pasukulu pawo. Ngati inachitika, asailembe mmene inalili. Akangoti "anagona pa desiki" pamene aliyense akudziwa amene anagona, holo yonse itembenuka kuyang'ana munthuyo, ndiye kuti wamuzunzanso kachiwiri, pamaso pa aphunzitsi. Asinthe zonse, ngati anali mnyamata akhale mtsikana, ngati inali vidiyo chikhale chithunzi. Dzina asaikemo, ngakhale lopeka, chifukwa dzina lililonse lili ndi mwini wake m'holomo.

MadamuAChichewa
Mwana iwe wanena chinthu chimene aphunzitsi ambiri sitiganizira. Ndionjezere: a Nachisale, musamulembere. Mutengereni maganizowa, mizere iwiri itatu ya a Mlakatuli akhoza kuyambira, koma zotsalazo alembe yekha. Oweruza timadziwa ndakatulo yolembedwa ndi azakhali, mwana amailakatula ngati akuwerenga kalata ya eni.

Nachisale265
Ndabweranso. Ndinamuwerengera zonse, poyamba ananyinyirika kuti chilombo chake chikutayidwa. Akuti kwawoko zinachitikapo ndi za vidiyo ya mnyamata, ndiye iye wasankha mtsikana ndi chithunzi. Za mandasi waganiza yekha. Nayi:

CHALA CHANGA

Sindine ndinajambula,
sindine ndinalemba mawuwo.
Ine ndinangoseka,
ndinangodina, chinapita.

Anagona pa desiki, kukamwa yasa,
foni ya m'sokosi ng'ani!
Pofika madzulo anali sitika,
pofika m'mawa linali dzina.

Fomu 3 inaseka, Fomu 4 inapempha,
sukulu ya kutsidya inalandira.
Kwawo anatseka chitseko,
chipongwe chinalowa naye m'bulangete.

Palibe anafunsa chogonera masana.
Anadzuka tambala woyamba
kukazinga mandasi a fizi yake,
omwe ife tinadya pa buleki.

Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe.
Changa chinaswa munthu.

Lero aitana dzina, kalasi zii,
desiki lake latola fumbi.
Ndafufuta changa, nanga cha anzanga?
Ndapita kwa aphunzitsi, umboni m'manja.

Iwe uli ndi foni m'thumba,
chikakupeza usiku uno,
chala chili m'mwamba,
chitera pati?
Tiyeni tonse tipewe nkhanza za pa intaneti.

MayiWaAnyamata
Ndime ya mandasi ija yandigwetsa misozi. Muuzeni mwanayo kuti waona bwino.

Mlakatuli_Wakale
Iyi tsopano ndi ndakatulo. "Pofika madzulo anali sitika, pofika m'mawa linali dzina", pamenepo asakhudzepo. Koma mzere womaliza uchoke. Funso lija la "chitera pati?" lamaliza kale ntchito, ndiye kubwera ndi "tiyeni tonse" kuli kuyankha funso limene unafuna kuti omvera apite nalo kunyumba. Ndi chilombo chija chasuzumiranso pa windo.

MadamuAChichewa
Pamenepo a Mlakatuli tisiyana pang'ono. Monga ndakatulo mukunena zoona. Monga mpikisano, pa pepala la oweruza pamakhala malikisi a kugwirizana ndi mutu, ndipo pali oweruza ena amene akapanda kumva mawu a mutuwo ndi khutu lawo amati mwana wasochera. Mukachotsa mzerewo, mawu akuti "intaneti" sapezekanso paliponse. Njira yapakati ndi yakuti awanene poyamba podzidziwitsa: "Ndakatulo yanga ndi ya nkhanza za pa intaneti, mutu wake Chala Changa." Akatero mzere womaliza uchoke.

Zina zing'onozing'ono. "Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe" ndi wotalikirapo, koma usiyeni, chifukwa wotsatira wake ndi waufupi ndipo kugwa kwake kukuchokera pamenepo. "Fomu 3" ndi "Fomu 4" adzanena monga amanenera kusukulu, palibe vuto, koma ngati iye ali Fomu 3 anzake angaganize kuti akuloza kalasi yawo. Akhoza kunena "kalasi inaseka, ina inapempha".

Za nthawi: mizere yatsala 26. Mzere uliwonse ndi kupuma kwake ndi masekondi 4 kapena 5, ndiye ndi mphindi 2 kapena kupitirira pang'ono. Mpata ulipo wokwanira. Asaudzaze ndi ndime ina, augwiritse ntchito pokhala chete. Akati "Changa chinaswa munthu" awerenge mumtima mpaka 3 asanapitirize. Pa "kalasi zii" chimodzimodzi.

ZaMalamuloPang'ono
Mizere iwiri ya kufufuta ndi umboni ija yasemphana. Wafufuta kaye kenaka wapita ndi umboni m'manja, umboni wake uti? Aisinthanitse: ayambe wapita kwa aphunzitsi, kufufuta kubwere pambuyo. Ndipo funso la "nanga cha anzanga?" ndi loona ndithu. `Delete for everyone` imagwira kwa masiku awiri okha chitumizireni, ndipo sichotsa chimene wina wasunga kale kapena wajambula pa sikirini yake.

Fomu4Yatha
Chenjezo limodzi. Pa "kukamwa yasa" holo iseka, ndikulumbira. Makamaka akayasamula pochita. Asadabwe n'kusokonezeka.

Mlakatuli_Wakale
Iseke kumene! Msampha wake ndi umenewo. Aisiye iseke, asamwetulire, adikire. Ikafika ndime ya mandasi onse amene anaseka adzazindikira kuti achita zomwe anachita mwini chala uja, pompo m'holomo. Koma iye asayasamule, asachite sewero. Manja akhale pansi mpaka ndime yomaliza, pamenepo akweze chala chimodzi chokha.

AnkoloAChikhalidwe
Ine chondidandaulitsa ndi Chichewa chake. Sitika, desiki, buleki, fizi, bulangete, foni. Mpikisano wa Chichewa umenewu? Bwanji osati lamya, gome, nthawi yopuma, gombeza?

Fomu4Yatha
Ankolo, akati "lamya ya m'manja yobisa m'chovala cha kuphazi" holo igwa ndi phwete mpaka belu.

MadamuAChichewa
Woyankhula m'ndakatuloyi ndi mwana wa sukulu wa lero, ayankhule ngati mwana wa sukulu. Desiki ndi fizi zinalowa kale m'Chichewa. Pa bulangete pokha ankolo ali ndi mfundo: "chinalowa naye m'gombeza" ndi lalifupi ndipo likugunda bwino. Koma ana ambiri a m'tauni gombeza salidziwa, ndiye zitengera sukulu yake ili kuti.

BamboAMapasa
Mwaona, "anzanga" ndi "m'manja" zathera mofanana ndipo ndi pamene pakukoma. Ndimanena ine.

MayiBusa_K
Ndi yabwino, sindikana. Koma mtsikana wa mandasiyo wathera kuti? Wabwerera kusukulu kapena ayi? Ine ngati womvera ndikufuna kudziwa. Mwachotsa manda koma simunaikepo kanthu.

NamkungwiWaAchinyamata
Funso limenelo nanenso linandibwerera, mayi. Mizere 4 yatsala pa 30 ija. Akhoza kuikapo ndime yoti mwini chala wapita kwawo kwa mtsikanayo kukagogoda, osanena ngati chitseko chatsegulidwa. Wozunzidwa amene ali m'holo amve kuti wina akhoza kumubwerera.

Mlakatuli_Wakale
Mukaonjezera ndime imeneyo funso lomaliza lifooka, chifukwa omvera akhala atapuma kale kuti zakonzeka. Ine ndikanasiya desiki ndi fumbi lake.

Nachisale265
Ndamuuza zonse ziwiri. Mzere wa "tiyeni tonse" wachotsa, mizere ya umboni wasinthanitsa, bulangete wakana kusintha. Za kugogoda akuti alemba ndimeyo usiku uno, Lolemba akalakatulira anzake awiri mitundu yonse iwiri, aone pamene akhale chete kwambiri. Madamu, funso lina: akaiwala mzere pa siteji, abwerere poyambira ndime kapena angodumpha?

MadamuAChichewa
Angodumpha n'kupita ku ndime yotsatira, oweruza alibe pepala lake m'manja nthawi zambiri. Akasowa pogwira abwereze "Sindine ndinajambula", imveka ngati anakonza dala, ndipo apeza mpweya wokumbukira. Poloweza aziloweza mawu oyamba a ndime iliyonse motsatana: sindine, anagona, kalasi, palibe, amati, lero, iwe. Ndipo ayesere panja, inu mutaima patali mamita 15, chifukwa maikolofoni a kusukulu sadalirika.